Wopikisana nawo pa chisankho cha ophunzira, mphindi zitatu zija usaziwonongere moni

Maganizo anga ndi akuti ambiri amene amaluza chisankho cha bungwe la ophunzira amaluzira mu mphindi yoyamba ya kudzidziwitsa kwawo, anthu asanamve n'komwe mfundo zawo. Komiti yachisankho ikakupatsa mphindi zitatu pamaso pa makolega mazana angapo, iwe n'kuyamba kupereka ulemu kwa a dayirekitala, aphunzitsi, a komiti, ndi ena otero mmodzimmodzi, ukamafika potchula dzina lako a kumbuyo ayamba kale kuyang'ana mafoni. Akuluakuluwo savota. Moni wa mawu asanu kapena asanu ndi limodzi wokwanira onse ndi ulemu wokwana, ndipo palibe angakunene kuti ndiwe wamwano.

Mphindi zitatu n'zochepa kuposa mmene zimaonekera papepala. Polankhula m'holo yaikulu, mopuma bwino, munthu sapitirira mawu 120 kapena 130 pa mphindi m'Chipwitikizi, ndipo m'Chichewa amachepa chifukwa mawu athu ngotalika. Choncho zolemba zako zisapitirire tsamba limodzi. Ine ndingagawe chonchi: masekondi 20 a moni, dzina, kosi ndi chaka, mphindi imodzi ya vuto limodzi lomwe aliyense m'holomo akulidziwa, mphindi ina ya zimene udzachite pa vutolo, zotsalazo za kubwereza dzina, chilembo cha lisita yako ndi tsiku lovota. Yesera mokweza mawu ndi wotchi ya pafoni, osati kuwerenga chamumtima, ndipo ukathere pa mphindi ziwiri ndi masekondi 40, chifukwa kuwomba m'manja ndi phokoso zidzadya zotsalazo.

Tsono kuno ku Tete pali nkhani ya chilankhulo, yomwe ambiri amaiganizira atagwira kale maikolofoni. Ku Ulongwe, komwe kuli fakalite ya zaulimi ya UniZambeze, pamsika ndi m'machapa mumamveka Chichewa, koma m'kalasi mumakhala ana ochokera ku Beira, ku Quelimane, ku Nampula ndi kwina, amene Chichewa amangotolako pang'ono. Mu mzinda wa Tete ndiye Chinyungwe chili patsogolo. Ukalankhula Chichewa chokhachokha, a ku Angonia, Tsangano ndi Makanga adzakuimbira nthungululu, koma enawo adzamva kuti lisita yako ndi ya anthu a kwanu. Thunthu la mawu ako likhale m'Chipwitikizi, chomwe onse amachimva. Chichewa chiike pamalo amodzi kapena awiri, monga pa moni, ndipo chimene wanena uchibwereze pomwepo m'Chipwitikizi kuti wina asaganize kuti akunenedwa. Ndipo usayerekeze kupereka moni m'zilankhulo zisanu zimene sukuzidziwa. Ukaphonyetsa katchulidwe, kuseka kwake kumatenga masekondi amene ulibe.

Pachimake pa nkhani ndi lonjezo. Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anthu ambiri, amene amati wopikisana azilonjeza zazikulu kuti holo itenthe. Bungwe la ophunzira silikhazikitsa propina, sililemba ntchito aphunzitsi, silimanga nyumba zogona. Mphamvu zake ndi kusonkhanitsa madandaulo, kulemba kalata, kupempha msonkhano ndi akuluakulu a sukulu, ndi kubweza yankho kwa ophunzira. Wa chaka chachinayi amadziwa zimenezi bwino, ndipo akamva "ndidzatsitsa propina" amangopukusa mutu, kenako madzulo amakafotokozera a chaka choyamba chifukwa chake n'zosatheka.

Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachiwiri, pa sukulu ina iliyonse, amene akuimira Lisita B. Wasankha vuto limodzi: mapauta a mayeso amatuluka mochedwa, moti amene sanafike pa 10 mwa 20 amadziwa kuti akalemba rekorensiya kutangotsala tsiku limodzi kapena awiri, ena atakwera kale chapa kupita kwawo. Akatha kutchula dzina ndi kosi, anganene kuti: "Makolega, amene munayamba mwadziwa za rekorensiya yanu kutatsala tsiku limodzi, kwezani dzanja." Kenako akhale chete masekondi atatu, manja aoneke. Apo holo yonse yaona yokha kuti vutolo si la munthu mmodzi, ndipo iye sanafunike kutchula chiwerengero chilichonse. Ndiye apitirize: "Sindichonga mayeso, ndipo sindingakulonjezeni tsiku limene aphunzitsi adzamalize. Chimene ndikulonjeza ndi ichi. M'masabata awiri oyamba ndidzakumana ndi mashefu a maturuma onse, tilembe maphunziro amene mapauta ake amachedwa. Tidzapereka kalata ku ofesi yoona za maphunziro yopempha kuti pakati pa pauta ndi rekorensiya pazikhala masiku osachepera asanu. Kalatayo, yodindidwa kuti yalandiridwa, ndidzaimata pa bolodi, ndipo yankho lake, likhale lovomera kapena lokana, mudzaliona pomwepo."

Taonani kuti lonjezoli lili ndi wochita, nthawi ndi umboni. Munthu angathe kubwera pakatha mwezi n'kuona ngati kalata ili pa bolodi. Taonaninso kuti sanatchule mphunzitsi aliyense. Kutchula dzina la mphunzitsi pagulu kumabweretsa phokoso lokoma tsiku limenelo, koma ofesi yomwe udzafune kuti ikulandire ukapambana ndi yomweyo. Funso lokweza manja lija lilinso ndi ngozi yake: ukafunsa za vuto lomwe sunalifufuze, manja anayi okha n'kukwera, wadzigwetsa wekha. Uyambe wayenda m'maturuma tsiku lolankhula lisanafike, kuphatikizapo a usiku, amene ambiri ndi apantchito ndipo nthawi zambiri amaiwalika ngakhale kuti voti yawo ndi yofanana ndi ya ena.

Za maikolofoni n'zachidule koma zimagwetsa anthu. Uigwire motalikira zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pakamwa, usaphimbe mutu wake ndi dzanja, ndipo usaime kutsogolo kwa sipika, chifukwa ndi pomwe imalira mokwiyitsa muja. M'holo ya malata ndi simenti mawu amabwerera, ndiye ukathamanga amaphatikizana; ukaona a mzere wakumbuyo akufunsana kapena kutchera khutu, chepetsa liwiro m'malo mokuwa. Magetsi akathima usaime kudikira, tsika pafupi ndi anthu, fupikitsa ziganizo, nena dzina ndi lonjezo basi. Ngati msonkhano uli masana mu mzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu sapirira, ndiye wolankhula wachisanu ayenera kudula mawu ake kuposa woyamba.

Onyoza sadzasowa, makamaka a lisita ina atakhala pamodzi pakona. Osayankhana nawo. Ima, yang'ana mbali ina ya holo, ndipo phokoso likatsika yambiranso chiganizo chomwe unali nacho kuyambira pachiyambi. Amene akutsogolera msonkhano ndiye woyenera kuwaletsa, ndipo ungathe kumupempha mwaulemu kuti akubwezere masekondi otayikawo.

Pomaliza usatseke ndi "zikomo kwambiri" yekha. Anthu amvera opikisana asanu kapena kuposerapo, mayina asokonekera kale. Bwereza dzina lako pang'onopang'ono, nena chilembo cha lisita yako, tchula tsiku, malo ndi nthawi yovotera monga komiti yalengezera, ndiponso chiphaso chimene ayenera kubwera nacho. Ngati pa pepala lovotera padzalembedwa dzina lako la m'kaundula pomwe makolega amakudziwa ndi la masewera, tchula onse awiri.