"Ntchito ina iliyonse" si ntchito, abale

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mwana wa achemwali anga wanditumizira tsamba lake la pa LinkedIn m'mawa uno, akudandaula kuti amalume, kuno ku Mzuzu ntchito ndi za odziwana, ine palibe amandiimbira ngakhale foni imodzi. Ndatsegula. Pansi pa dzina lake, pa kamzere kaja kotchedwa `Headline`, kamene aliyense amayamba kuona asanaone china chilichonse, walembapo izi:

```
Unemployed Graduate | Seeking Any Opportunity | Hardworking | God is in Control
```

Ndamuimbira pompo. Ndati iwe, ndikuimbire kuti udzachite chiyani? Munthu wofuna wantchito akawerenga zimenezi wadziwa chiyani za iwe? Wadziwa kuti ulibe ntchito. Wadziwa kuti umapemphera. Basi. Zimene manja ako amatha, palibe. Kamzere kamodzi komwe unapatsidwa kuti unene chimene wabweretsa, iwe walembapo chimene ukusowa.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti mnyamatayu si wopanda kanthu. Wayendapo m'midzi ya ku Rumphi ndi ku Karonga kufunsa anthu mafunso a kafukufuku, khomo ndi khomo, tabuleti m'manja. Amadziwa KoboToolbox ndi ODK, mapulogalamu otolera mayankho a kafukufuku, amatha kukonza zimene atolera mu Excel mpaka zitalongosoka. Chitumbuka amayankhula ngati wobadwira ku Bolero, Chinkhonde amamva. Ali ndi laisensi ya njinga yamoto. Zonsezi wazikwirira pansi penipeni pa tsambalo, pomwe munthu wotanganidwa safikapo, pamwamba n'kupachikapo mawu akuti `Unemployed`. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Ndipo si iye yekha ayi. Lembani `Mzuzu` pa bokosi lofufuzira anthu muone nokha. `Job Seeker`. `Looking for greener pastures`. `Passionate and self-motivated individual`. `Team player`. Wina anamaliza maphunziro kalekale koma pamwamba pakadali `Student at` kutsogolo kwake dzina la koleji, chifukwa LinkedIn imatenga yokha udindo umene munalemba n'kuuika pamenepo ngati simunasinthe. Mwina n'chifukwa choti kusukulu satiphunzitsa, mwina n'chifukwa choti tinaleredwa kuti kudzitchula ndi matama, kaya. Zimenezo sizindikhudza lero. Chimene ndikunena n'chimodzi: kamzereko kanene chimene mumapereka, osati chimene mukupempha.

Pitani pa depoti ya Mzuzu mukaime pang'ono. Woitanira amakuwa kuti Karonga, Karonga, wina Nkhata Bay, wina Ekwendeni. Simudzamva akukuwa kuti minibasi ino ikufuna ndalama, kapena kuti minibasi ino ndi yolimbikira ntchito. Ndalama akuzifuna ndithu, koma amatchula kumene akupita, chifukwa wokwera akufunafuna mawu amodzi okhawo. Wolemba anthu ntchito nayenso ali ndi mawu ake amene akufunafuna. Bungwe likafuna anthu a kafukufuku ku Chitipa, wa ku ofesi salemba `hardworking` pofufuza. Amalemba `enumerator`, kapena `data collector`, kapena `KoboToolbox`. Palibe ofesi padziko pano imene inakhalapo pansi n'kunena kuti tiyeni tifufuze munthu amene akufuna ntchito ina iliyonse. Ntchito ina iliyonse kulibe. Kuli ya ulonda, kuli ya maakaunti, kuli yoika magetsi a sola, iliyonse ili ndi dzina lake.

Kamzereka musakapeputse poona kufupika kwake. Kamakutsatirani paliponse pa LinkedIn. Mukatuluka pa mndandanda wa anthu amene wina wafufuza, pamaoneka chithunzi, dzina ndi kamzereko. Mukapereka ndemanga pa zimene wina walemba, kali pansi pa dzina lanu. Mukapempha munthu kuti mulumikizane, amakaona asanavomere. Ndiye taganizani, mwayankha zanzeru pa nkhani ya mkulu wa bungwe lina, iye n'kuyang'ana kuti kodi ameneyu ndani, n'kupeza `Seeking Any Opportunity`. Wadutsa. Sanakudeni, koma simunamupatse chogwira.

Malo alipo okwanira, zilembo 220. Koma pa foni, pomwe ambiri timaonera, kamzereko kamadulidwa, mawu oyambirira okha ndi amene amatsala, ena onse amabisika kuseri kwa timadontho. Tsono ngati mwayamba ndi `Passionate, dedicated and results-oriented`, dzina la ntchito yanu lagwera kuseri kwa timadonthoto. Choyamba chikhale dzina la ntchito. Osati khalidwe lanu, osati vesi, osati digiri. Dzina la ntchito.

Ndiye ndinamuuza mwana wa achemwaliyo kuti atenge zotsatsa ntchito zimene wakhala akufunsira, za m'nyuzi ndi zimene zimazungulira m'magulu a WhatsApp, aziyale pamodzi, aone dzina limene likubwerezedwa. Zambiri zinkati `Enumerator`, zina `Research Assistant`. Iye ankafuna kulemba `Development Practitioner` ati zikumveka zaulemu. Ndinamufunsa kuti unaona liti chotsatsa ntchito chofuna munthu wa dzina limenelo wongoyamba kumene? Ulemu wake sudyeka. Tenga dzina limene olemba ntchito amatchula, osati limene likukukomera m'khutu iweyo.

Kenako zida. Apa m'pamene anthu amataya mwayi. Kulemba `Computer literate` n'kusanena kanthu, masiku ano ngakhale wogulitsa mayunitsi anganene zomwezo. Tchulani dzina la chidacho: KoboToolbox, ODK, Excel. Ziwiri kapena zitatu zimene mungatsegule pamaso pa munthu osatuluka thukuta. Kenako umboni umodzi woti munagwirapo, kumene munagwira. Kenako chimene chimakusiyanitsani ndi mnzanu wa ku Lilongwe amene ali ndi pepala lofanana ndi lanu. Kwa mnyamatayu ndi chiyankhulo. Kafukufuku wa m'midzi ya ku Mzimba kapena ku Rumphi sungamuchite bwino ngati agogo akuyankha m'Chitumbuka iwe n'kumangogwedeza mutu, ndipo mabungwe amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amazilemba m'zotsatsa zawo. Iye ankachiona ngati chinthu cha kunyumba chosayenera kutchula pa ntchito. Ndinatsala pang'ono kutaya foni.

Zinatuluka chonchi:

```
Enumerator / Data Collector | KoboToolbox, ODK, Excel | Household surveys in Rumphi & Karonga | Chitumbuka, Chichewa, English | Motorcycle licence | Mzuzu
```

Werengani ziwirizi, choyamba chija ndi ichi. Munthu ndi yemweyo, maphunziro omwewo, ntchito alibebe. Koma wachiwiriyu ndikudziwa kumene ndingamutume Lolemba m'mawa. Ngakhale foni idule pambuyo pa mawu ochepa, latsala dzina la ntchito ndi chida chimodzi. Chinkhonde sitinalembepo, chifukwa amangomva, sangafunse nacho mafunso. Digiri nayonso sitinaiike, ili ndi malo ake pansipo, ndipo onse amene akupikisana naye ali nayo.

Anandifunsa kuti nanga amalume, anthu adziwa bwanji kuti ndikufuna ntchito? Pali batani lake la zimenezo, `Open to work`, mungasankhe kuti azione aliyense, chithunzi chanu n'kukhala ndi kamkombero kobiriwira, kapena azione okhawo amene amafufuza antchito. Njala yanu ili kale ndi malo ake. Musaipatsenso kamzereka. Kusintha kwake n'kosavuta: dinani kapensulo kali pafupi ndi dzina lanu, pezani pamene palembedwa `Headline`, fufutani, lembani, `Save`. Bandulo yake siifika ngakhale ya kavidiyo kamodzi ka pa TikTok.

Muyezo wake nawu. Phimbani dzina ndi chithunzi ndi chala, muonetse munthu amene sakudziwani bwino kamzere kokhako, mumufunse kuti ameneyu mungamupatse ntchito yanji. Akayankha mosaganiza kuti uyu ndi wa maakaunti, uyu ndi wa mipope, zatheka. Akayamba kuti eee, akuoneka munthu wabwino, fufutani. Muyezo wina: ngati kamzere kanu mungakaike pansi pa dzina la mnzanu aliyense wa m'kalasi mwanu n'kumukwanira, ndiye kuti si kanu. `Hardworking` imakwanira aliyense. Ndani anadzilembapo kuti ndi waulesi?

Wa maakaunti alembe `Accounts Assistant | Sage, QuickBooks | PAYE & VAT returns | ICAM student`. Wa magetsi atchule kuti amaika sola ndi kuyala mawaya m'nyumba, atchule giledi ya satifiketi yake. Amene sanagwirepo ntchito yolipidwa atchule zimene anachita pa nthawi yophunzira ntchito, miyezi imene ija munagwiradi, musaitaye. Sindikunena kuti kamzere kamapanga ntchito pomwe palibe, tonse tikudziwa m'mene zinthu zilili mumzinda muno. Zodziwana ziliko, sindikukana. Koma ngakhale wokudziwayo, akafuna kukutchulani kwa abwana ake, anena kuti chiyani? Kuti pali mnyamata wanga akufuna chilichonse? Mupatseni mawu oti akanene.

Tsono pali gulu lina limene limandinyansa kuposa awa amanyazi. Awa odzitupitsa. Mwana wamaliza sukulu chaka chatha, ali pakhomo pa makolo ku Chibavi, koma kamzere kake:

```
CEO & Founder | Visionary Leader | Data Expert | Motivational Speaker | Consultant
```

CEO wa chiyani, achimwene? Kampani yake ndi tsamba la pa Facebook ndi chizindikiro chojambulidwa pa foni. Kenako mukufunsira ntchito ya ukalaliki. Wolemba ntchito aganiza ziwiri: mwina ndinu wabodza, mwina muchoka mwezi usanathe kukayendetsa ufumu wanu. Maudindo asanu pa mzere umodzi ndi chimodzimodzi ndi `Any Opportunity` uja, wangovala suti. Mwalemba `Data Expert`, pa intavyu akupatsani laputopu kuti tapangani `pivot table`, inu n'kuyamba kuyang'ana kudenga. Mzuzu ndi waung'ono, amene anakufunsani Lachiwiri mukakumana naye ku Katoto Loweruka, ndipo amauzana.

Ndipo poti tafika pamenepa, inu amene mumatumiza CV pa imelo yopanda mutu, yopanda ngakhale moni, fayilo yake dzina lake `Document1 final final.pdf`, kapena chithunzi cha CV chojambula ndi foni pa bedi, chitenje chikuonekera m'mbali. Wina anatumiza kuchokera pa adiresi ya imelo yokhala ndi dzina lachibwana limene sindingalilembe pano. Mukufuna tizitsegula imodziimodzi kuti tidziwe kuti mwini wake ndani? Lembani dzina lanu ndi dzina la ntchito pa fayiloyo, mwatani kodi?