Munthu wothawa msungichuma wa banki m'khonde si waulesi ayi

Timafulumira kunena kuti wozengereza ndi waulesi, ine sindikugwirizana nazo. Taonani mayi wogulitsa mandasi yemwe amadzuka tambala woyamba kukanda ufa, kukazinga, kusambitsa ana, kenako kuyenda wapansi mpaka pamsika. Mayi yemweyo akhoza kutha milungu itatu akulephera kuimba foni ya mphindi ziwiri kwa msungichuma wa banki m'khonde, kumuuza kuti mwezi uno ndalama sizikwana. Kuimba foni ndi kukanda ufa, chofuna mphamvu zambiri ndi chiti? Chimene mayiyu akuthawa ndi mmene mtima wake umachitira akangoganiza za foniyo: manyazi, mantha oti amayi anzake amunena, ndiponso kudziona ngati wolephera.

Akatswiri awiri a maphunziro a maganizo, Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl, analemba za nkhaniyi mu 2013. Mfundo yawo inali yakuti munthu amazengereza pofuna kuziziritsa mtima wake pa nthawi imeneyo, ndipo mtolo amausiyira iye mwini wa mawa. Mukangonena kuti "ndiimba mawa", mtima umatsika pomwepo, ndipo kupepukidwa kumeneko ndiye msampha wake. Ubongo umaphunzira kuti kuthawa kumachiza, choncho mawa lake mantha akabweranso umathamangira mankhwala omwewo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti mayi uja anakongola K100,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, ndipo lamulo la gulu lawo ndi lakuti zosabwezedwa zimaphatikizidwa ku ngongole n'kuberekanso. Mwezi woyamba ukatha akuyenera kupereka K120,000, koma m'manja ali ndi K70,000 yokha. Akanapita nayo, kukanatsala K50,000, yomwe mwezi wotsatira ikanakhala K60,000. Koma kufika pagulu ndi ndalama zoperewera n'kochititsa manyazi, ndiye sapita, amatumiza mwana kukanena kuti amayi akudwala. K70,000 ija imakhala m'nyumba, ndipo tonse tikudziwa zomwe ndalama imachita ikakhala m'nyumba: sopo, ndiwo, chopepesera pamaliro. Mwezi wachiwiri ngongole yafika K144,000, wachitatu K172,800, osawerengera chindapusa cha kujomba kumsonkhano. Manyazi nawonso akula, chifukwa tsopano ayenera kufotokoza zinthu ziwiri, ngongole ndi kusowa kwake. Foni yomwe inali yovuta pang'ono mwezi woyamba yasanduka yoopsa.

Mungadziwe bwanji kuti ndi kuthawa, osati ulesi? Waulesi weniweni sadandaula, ntchito ikhalepo isakhalepo iye ali phee. Wozengereza sapuma. Nkhaniyo imamudzutsa pakati pa usiku, akaona nambala ya msungichuma pafoni m'mimba mumawira, akamuona patali kumsika amakhotera kuseri kwa mabenchi. Chizindikiro china n'chakuti amalimbikira kwambiri ntchito zina. Tsiku loti aimbe foni ndi lomwe amatsuka mapoto onse, kuchapa makatani, kusesa mpaka kuseri kwa bafa. Ana asukulu amachidziwa bwino chimenechi, chipinda chimawala mayeso akayandikira.

N'chifukwa chake kukalipira munthu wotere sikuthandiza. Mukamuuza kuti "ndiwe waulesi, zengerezu adalinda kwawukwawu", mwawonjezera manyazi pa manyazi, pomwe manyaziwo ndi amene akumuthawitsa. Kudzikalipira wekha n'chimodzimodzi. Mu 2010 Michael Wohl, Pychyl uja ndi Shannon Bennett anafufuza ophunzira a chaka choyamba pa yunivesite ya Carleton ku Canada. Anapeza kuti omwe anadzikhululukira chifukwa chozengereza kuwerengera mayeso oyamba, anazengereza pang'ono pokonzekera mayeso achiwiri. Kudzikhululukira sikufafaniza ngongole, K144,000 idakalipo, koma munthu amatha kuiyang'ana osatembenuza nkhope.

Nanga mayi uja ayambire pati? Ine ndinganene kuti ayambe watchula chomwe chikumuopsa, mwatchutchutchu. Mawu akuti "ndili ndi nkhawa" ndi otakata kwambiri, sungawagwire. Koma akanena kuti "ndikuopa kuti msungichuma andiyalutsa pamaso pa gulu", njira yaonekera kale: alankhule naye payekha tsiku la msonkhano lisanafike. Akanena kuti "sindikudziwa kuti ngongole yafika pati ndipo ndikuopa kudziwa", ntchito yoyamba ndi kutenga kabuku kake ndi cholembera n'kuwerengera. Nthawi zambiri nambala yolembedwa papepala siiopsa ngati ija imazungulira m'mutu usiku.

Kenako achepetse sitepe yoyamba mpaka mantha asakhale ndi pogwira. "Kubweza ngongole" si chinthu chomwe angachite lero. Kulemba uthenga umodzi angathe, ndipo poyamba angoulemba osautumiza: "Mayi msungichuma, mwaswera bwanji? Mwezi uno ndakwanitsa K70,000, yotsalayo ndikupempha tikambirane. Ndingakupezeni liti kunyumba?" Uthenga ukalembedwa, chotsala ndi kudina kamodzi. Ambiri timadikira kuti mtima ukhale kaye m'malo kenako tiyambe, koma mtima umakhazikika munthu atayamba kale. Mantha amakhala aakulu chisanachitike chinthucho. Choncho palibe chifukwa chodikira kuti manyazi athe, uthengawo ungatumizidwe manja akunjenjemera.

Chachitatu ndi nthawi. "Ndimuuza sabata ino" ndi lonjezo lopanda miyendo. Katswiri wina wa ku Germany, Peter Gollwitzer, anaonetsa kuti anthu amakwaniritsa kwambiri zomwe akonza akamangirira chochitacho ku nthawi ndi malo enieni. Kwa mayi wathuyu zingakhale motere: "Ndikangogulitsa mandasi omaliza Lachiwiri, ndisananyamule beseni, nditumiza uthenga." Nthawiyo ikafika sakhalanso ndi mpata wokambirana ndi mtima wake, chifukwa chiganizo chinapangidwa kale. Ndipo ngati K70,000 ija ili pa Airtel Money kapena Mpamba ndipo gulu limalola, aitumize nthawi yomweyo isanadyedwe. Ngati akuona kuti yekha abwerera m'mbuyo, auze mnzake mmodzi wa m'gulu kuti, "Asisi, Lachiwiri mundiperekeze." Kukhala ndi munthu pambali kumachepetsa mantha, komanso n'kovuta kuthawa wina akukudikira pakhomo.

Sindikunena kuti msungichuma amulandira ndi manja awiri. Mwina akalipa, mwina gulu limulipiritsa chindapusa, ndipo ndi ufulu wawo chifukwa ndalamazo ndi masheya a anthu. Koma magulu amenewa amayenda pa kukhulupirirana, ndipo wobwera yekha kudzanena vuto lake amamvedwa mosiyana ndi yemwe amachita kumulondola kunyumba kukatenga katundu.

Njira zimenezi zili ndi malire. Si kuchedwa kulikonse komwe kuli kuzengereza: ngati mwasankha dala kudikira malipiro a pa 25 ndipo mwauza eni ndalama, pamenepo mwakonza bwino. Komanso ngati munthu wasiya zonse, osati ngongole yokha, sakudya bwino, tulo sakupeza kapena akungogona, zomwe ankakonda sizikumusangalatsanso, ndipo zatha milungu iwiri kapena kuposerapo, ameneyo mwina akudwala matenda a kuvutika maganizo. Musamupatse malangizo a kalembedwe ka uthenga, mumuperekeze kuchipatala. Ngati wayamba kunena zofuna kudzipha chifukwa cha ngongoleyo, musamusiye yekha, ndipo mupite naye tsiku lomwelo.