Mwanayu Chingerezi akumva, musamunamizire

Ndakwiya ndithu, ndipo sindibisa. Dzulo ndinapita kukaona achemwali anga ku Nchalo, ndinapeza mwana wawo wa Fomu 2 wakhala kuseri kwa nyumba, maso ali psuu, pepala la mayeso alikwinyira m'manja. Gawo la mafunso ofunsa chifukwa linali la malikisi 10, iye wapeza 2. Pansi pake aphunzitsi alemba ndi bolopeni yofiira kuti aziwerenga kwambiri. Achemwali nawo ayamba kale kufunsira ndalama za maphunziro apadera, ati mwanayu Chingerezi sakumva. Sakumva bwanji? Ndinamutengera pansi pa mtengo wa nimu, ndinamuuza kuti andimasulire ndime yonse. Anamasulira chiganizo ndi chiganizo m'Chichewa, osaphonya liwu ngakhale limodzi, kwinaku akuwonjezera Chisena kuti agogo ake amve nawo. Ndiye wina aziti sakumva?

Ndimeyo inali ya madzi osefukira, nkhani yathu yomwe ino. Inali ndi ziganizo zinayi. Choyamba chimati anthu adula mitengo yambiri m'mapiri a kumtunda. Chachiwiri chimati mvula ikagwa madzi amathamanga pa nthaka yopanda chophimba ndipo amakokolola dothi. Chachitatu chimati mchenga ndi matope zimakhazikika pansi pa mtsinje madziwo akafika kuchigwa, komwe malo ndi athyathyathya. Chomaliza chimati masiku ano mitsinje ya kuchigwa imasefukira msanga.

Funso limati afotokoze chifukwa chake kudula mitengo kumtunda kumabweretsa madzi osefukira kuchigwa, malikisi 4. Iye analemba kuti, “Chifukwa mitsinje ya kuchigwa imasefukira msanga.” Mwaona? Waona mawu akuti kusefukira m'funso, wawasaka m'ndime, wawapeza m'chiganizo chomaliza, wakopera, waika “chifukwa” kutsogolo. Palibe bodza m'chiganizo chakecho. Koma wangowabwezera aphunzitsi funso lawo lomwe. Akufunsa kuti madzi akusefukiranji, iye akuti chifukwa akusefukira.

Ndinamufunsa kuti, “Iwe, mchenga ukakhazikika pansi pa mtsinje, ndiye zitani?” Anandiyang'ana ngati ndamufunsa zachibwana. “Amalume, ndiye kuti mtsinje ukhala wosazama.” Ndinati, ukakhala wosazama ndiye zitani? “Madzi akabwera ambiri asowa pokwana, atulukira m'mbali.” Basitu! Yankho lonse linali m'mutu mwake. Nditamufunsa kuti bwanji sanalembe zimenezo, anati, “Koma m'ndimemo mulibe.”

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ndi pomwe pakundipsetsa mtima. M'ndimemo mulibedi. Wolemba sanalembe kuti mtsinje umakhala wosazama, anasiya mpata pakati pa chiganizo chachitatu ndi chachinayi kuti wowerenga atseke yekha. Funso lakuti “chiyani” kapena “kuti” yankho lake limakhala m'kati mwa chiganizo chimodzi, umangolitola. Funso lakuti “chifukwa chiyani” yankho lake kawirikawiri limakhala pakati pa ziganizo, pamalo pomwe palibe inki. Mwana akhoza kumva chiganizo chilichonse pachokha, ngati munthu wodziwa mikanda yonse ndi mitundu yake, koma ulusi womwe waimanga sanauone. Malikisi a funso lotere amakhala pa ulusiwo. Nchifukwa chake funsoli linali la malikisi 4: mitengo yatha ndipo dothi lakokoloka, dothilo lakakhazikika mumtsinje, mtsinje wachepa kuzama, madzi asowa pokwana. Masitepe anayi, iye analumphira lomaliza.

Funso lachiwiri linandiwawa kuposa loyamba. Limati, nchifukwa chiyani mchenga umakhazikika kuchigwa osati kumapiri komwe wachokera? Iye analemba kuti chifukwa anthu adula mitengo. Zoona zimenezo, koma si zomwe afunsidwa. Kudula mitengo kukufotokoza komwe mchenga wachokera, sikukufotokoza chifukwa chake waima pano. Yankho linabisala m'mawu akuti “komwe malo ndi athyathyathya”. Pamalo otsetsereka madzi amathamanga ndipo amakhala ndi mphamvu yonyamula mchenga. Akatsika n'kufika pathyathyathya liwiro limachepa, ndipo madzi oyenda pang'onopang'ono amatula katundu wawo. Mwanayu mawu akuti athyathyathya anawamasulira bwinobwino. Chomwe sanaone nchakuti mawuwo aikidwa pamenepo kuti agwire ntchito ya “chifukwa”, ngakhale liwu lakuti chifukwa silinalembedwe.

Akuluakulu anati tsata chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Ife ana athu tikuwaphunzitsa kuwerenga madzaye, minyanga ndi njovu, chilichonse pachokha. Chatsitsa dzaye ayi.

Ndipo musandiuze kuti mwanayu sadziwa za madzi osefukira. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 anagona m'kalasi masabata angapo pamodzi ndi mabanja ena. Mchenga wa mumtsinje wa Mwanza amauona ndi maso ake. Amadziwa kuti Shire akhoza kudzaza kuno kusanagwe ndi dontho lomwe, kuti Ruo amatsika ndi madzi a ku Mulanje n'kudzakumana ndi Shire pa Chiromo. Zonsezi amazifotokoza pakamwa mwadongosolo, ichi chichititsa ichi. Koma akaona pepala amakhulupirira kuti yankho lolondola ndi lomwe lalembedwa kale penapake, ndipo kulemba za m'mutu mwake ndi mlandu. Inde, makalasi ndi odzaza, mabuku ndi ochepa, tikudziwa. Koma kumuuza mwana wotere kuti “werenga kwambiri” kuli ngati kumupatsa mankhwala a malungo munthu wothyoka mwendo. Awerenga kwambiri, amva ziganizo zambiri, ndipo pa mayeso a MANEB adzakoperanso chiganizo chokhala ndi mawu ofanana ndi funso.

Kuzindikira vutoli sikufuna ndalama. Tengani pepala la mwana, muwerenge funso ndi yankho lake motsatizana, mokweza. Ngati yankho likungobwereza funso m'mawu ena, vuto si Chingerezi. Ngati yankho ndi loona koma mukhoza kufunsabe kuti “ndiye zikugwirizana bwanji?”, pali sitepe yomwe yasowa. Dzulo tinangochita chinthu chimodzi: pakati pa ziganizo ziwiri zilizonse amaikapo yekha “chifukwa”, “choncho” kapena “koma”, n'kuona lomwe likukwana. Poyamba anasokoneza, ananena kuti anthu adula mitengo chifukwa dothi lakokoloka, kenako anaseka yekha atamva kuti watembenuza nkhani mutu pansi. Pamene “choncho” amakana kukwana, ndi pomwe panali sitepe yosalembedwa, ndipo amaipeza yekha. Dzuwa lisanalowe anayankhanso mafunso awiri aja, onse mokwanira.

Koma ifenso makolo tisadziyeretse. Mwana yemweyu ali wamng'ono ankafunsa kwambiri. Nchifukwa chiyani kuno timalima mapira pomwe kwa azakhali ku Thyolo amalima chimanga? Nchifukwa chiyani kuno kumatentha chonchi? Yankho lathu linali lakuti khala chete, mwana wamwano iwe, akulu safunsidwa. Ine ndemwe ndinamuyankhapo choncho, ndipo zikundipweteka. Zaka khumi tikumuletsa kufunsa chifukwa, lero tikumukalipira kuti walephera kuyankha chifukwa. Dzulo lomwelo, tili pa mphasa, mng'ono wake wa Sitandade 3 anafunsa kuti bwanji usiku udzudzu umachuluka kufupi ndi dambo, ndipo amayi ake anamuuza kuti adye nsima asiye zolongolola.