Maganizo anga: moni wa pa intavyu usakhale funso loyamba la mayeso

Abale anga a kuno ku Joni, lero ndikulankhula makamaka ndi inu amene mwafika poti mumakhala mbali inayo ya tebulo, pamene munthu wabwera kudzafunsira ntchito. Tilipo ambiri tsopano, ena oyang'anira khitchini, ena malo omanga, ena mashopu. Ine ndimayang'anira anthu pa nyumba yosungira katundu kufupi ndi City Deep, ndipo pakafunika munthu watsopano ndimakhala nawo pofunsa mafunso. Zimene ndaona n'zakuti intavyu zambiri timaziwononga tokha m'mphindi ziwiri zoyambirira, pa moni penipeni.

Kwathu moni ndi mafunso. Mwadzuka bwanji, kunyumba kuli bwanji, ana ali bwanji, kwanu ndi kuti, ndinu a kwa yani. Pakhomo pa munthu mafunso amenewa ndi ulemu, ndipo amene sawafunsa timati ndi wodzikuza. Nditangoyamba kufunsa anthu ntchito ndinabwera nawo mwambo womwewu m'chipinda cha intavyu, ndili ndi mtima wabwino ndithu, ndipo ndinalakwitsa.

Tsiku lina tinkafuna munthu wowerengera katundu wolowa ndi wotuluka. Analowa bambo wina wa zaka za m'ma 30, atavala malaya ositidwa bwino, envelopu ya mapepala ali nayo m'manja. Nditamva kalankhulidwe kake ndinadziwa kuti ndi wa kwathu, ndiye pofuna kumumasula ndinati, "Achimwene, kwanu ndi kuti?" Nkhope yake inasintha pomwepo. Anagwira envelopu ija ndi manja onse awiri, n'kuyamba kufotokoza za pasipoti yake ndi chilolezo chake chogwirira ntchito, mawu akunjenjemera. Ine ndimafuna kumva Mangochi kapena Mzimba, koma iye anamva kuti ndikufufuza ngati ali m'dziko muno movomerezeka. Mapepala ake anali abwinobwino, koma munthu amene wakhala akuimitsidwa m'misewu ya m'tauni kufunsidwa funso lomwelo salimva ngati moni. Mafunso onse otsatira anayankha ndi mawu awiri kapena atatu, ndipo sitinadziwe konse ngati ntchitoyo amaidziwa. Sitinamulembe. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti vuto silinali iye.

Palinso lamulo pa nkhaniyi, ndipo ambiri a ife sitilidziwa. Lamulo la dziko lino lotchedwa Employment Equity Act la 1998, pa gawo 6, limaletsa kusankha anthu mopanda chilungamo potengera zinthu monga mtundu, mimba, kukhala pabanja kapena ayi, udindo wosamalira banja, zaka, chipembedzo, chilankhulo ndi za HIV. Gawo 9 limanena kuti chitetezo chimenechi chimakhudzanso munthu amene wangofunsira ntchito, asanalembedwe n'komwe. Ndiye mukamufunsa mayi kuti, "Muli ndi ana angati? Amawasamalira ndani mukachoka?" ngati macheza, kenako osamulemba, iye ali ndi chifukwa choganizira kuti anawo ndi amene amutayitsa ntchito, ndipo nkhani zotere zimakafika ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pa ntchito. Mwina inu mumangocheza, koma mudzavutika kutsimikizira zimenezo.

Nditaphunzira pamenepa ndinasintha. Tsopano moni wanga umapereka, sufunsa. Munthu amene wadzuka 4 koloko ku Diepsloot, wakwera takisi mpaka pa Bree, wakweranso ina, ndalama yake mwina yobwereka, amalowa m'chipindamo ali ndi mafunso amene sangawatchule: anthu awa ndi ndani, nditenga nthawi yaitali bwanji, andifunsa zotani, ndikalakwitsa kamodzi ndiye kuti basi? Mutu wake ukadali pa mafunso amenewo sangaganize bwino za funso lanu. Ntchito ya moni ndi kumuyankha mafunsowo iye asanafunse.

Ndimayamba ndi kupita ndekha kukamutenga pamene akudikirira, osati kukuwa kuti wotsatira alowe. Ndimatchula dzina lake, ndipo ndimamufunsa ngati ndalitchula bwino. Ndimamusonyeza mpando, chifukwa munthu wa kwathu sakhala pansi asanauzidwe, ndipo angathe kuimirira pakhomo mpaka mutazindikira. Madzi amakhala ali kale patebulo, otsanulidwa m'kapu. Ndinaona kuti ukafunsa kuti "mumwa madzi?" pafupifupi aliyense amakana chifukwa cha manyazi, koma akakhala pafupi amamwa kukhosi kukauma. Kenako ndimanena mawu awa, nthawi zambiri m'Chingerezi chifukwa cha anzanga a patebulo, koma tanthauzo lake ndi ili:

"Takulandirani, zikomo kuti mwabwera. Ine ndimayang'anira mbali yolandira katundu, ndipo mukalembedwa muzigwira ntchito ndi ine. Awa ndi a ku ofesi yoona za antchito. Ticheza kwa mphindi 30. Tili ndi mafunso asanu ndi limodzi, ndipo ndi omwewo amene tikufunsa aliyense lero. Muona tikulemba pamene mukulankhula. Sikuti mwalakwitsa, tikungofuna tisaiwale. Funso likapanda kumveka, nenani tilibwereze, ndipo mukafuna kuganiza kaye musanayankhe, ganizani. Mapepala tiona kumapeto, monga tichitira ndi aliyense."

Mawu onsewa satenga ngakhale mphindi imodzi. Koma taonani chiganizo cha kulemba chija. Munthu akayankha n'kuona cholembera chanu chikuyenda, amaganiza kuti mukulemba cholakwa chake, ndipo amadula yankho pakati. Ndaonapo anthu akuyang'ana pepala langa m'malo moyang'ana ine. Kungomuuza poyamba kumathetsa zimenezo. Cha mapepala chija ndi chimene ndinaphunzira kwa bambo wa envelopu uja. Olemba ntchito ayenera ndithu kuona ngati munthu ali ndi chilolezo chogwirira ntchito, palibe chobisa pamenepo, koma munthu akadziwa nthawi yake komanso kuti si iye yekha, amaika envelopu pansi n'kumvetsera.

Tsopano za kumupatsa mpata wofunsa, pamene ndikuona kuti ambiri timangochita mwamwambo. Timadikira mpaka kumapeto, titatseka kale fayilo, maso ali pa wotchi, ndiye n'kumati, "Muli ndi funso?" Munthu amaona yekha kuti yankho lofunika ndi "ayi, zikomo." Kuwonjezera apo, ife tinaleredwa kuti kufunsa wamkulu mafunso ndi mwano, ndipo munthu wosowa ntchito amaopa kuti akafunsa za malipiro aoneka wokonda ndalama. Chotero chitseko chiyenera kutsegulidwa poyamba, ndipo muyenera kutchula nokha zinthu zimene iye akuopa kuzitchula. Ine ndimamaliza moni motere: "Anthu ambiri amafuna kudziwa za maola, za malipiro ndi tsiku limene tiwayankhe. Pa zimenezi, kapena china chilichonse, ndi chiti chimene mukufuna tikuuzeni tisanayambe?" Funso lakuti "ndi chiti" silifanana ndi lakuti "muli nalo kodi". Loyambalo likusonyeza kuti kufunsa n'chinthu chimene aliyense amachita, ndipo silingayankhidwe ndi "ayi" mosavuta.

Ndikatero ndimakhala chete, n'kuwerenga chamumtima mpaka 5. Apa mpamene pamavuta, chifukwa bata la masekondi asanu limaoneka lalitali ndipo pakamwa pamayabwa kuti upitirize. Koma munthu wamantha amafuna nthawi imeneyo kuti akhulupirire kuti mukunenadi zoona.

Miyezi ingapo yapitayo kunabwera mayi wina wochokera ku Cosmo City pa ntchito yomweyo yowerengera katundu. Analowa atakumbatira chikwama pachifuwa, atakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando. Nditamaliza moni n'kukhala chete, anayang'ana pansi, kenako anati, "Pepani mayi, ndimafuna kudziwa kuti ntchito imatha nthawi yanji madzulo." Ndinamuuza zoona: timayamba 7 koloko, timaweruka 5 koloko, kupuma ola limodzi masana, Lolemba mpaka Lachisanu, ndiye maola 45 pa sabata amene lamulo limalola ngati maola wamba, ndipo kumapeto kwa mwezi powerengera katundu yense pamakhala ovataimu imene timagwirizana ndipo imalipiridwa. Sindinamufunse chifukwa chimene amafunsira. Kaya ndi takisi, kaya ndi mdima wa m'nyengo yozizira, kaya ndi mwana, imeneyo inali nkhani yake. Anagwedeza mutu, anaika chikwama pansi, anakhala bwino pampando, n'kumwa madzi. Nditamufunsa zimene angachite ngati pepala lobwera ndi lole likunena makatoni 120 koma iye wawerenga 114, anafotokoza bwinobwino: awerenganso kachiwiri dalaivala akuona, alemba kupereweraku pa pepala lomwelo asanasaine, dalaivala asainenso, ndipo adziwitsa woyang'anira lole lisanachoke. Munthu amene mutu wake ukadali pa nkhawa ya ulendo wobwerera sakanayankha mwadongosolo chotero.

Zizindikiro zimenezi ndi zimene ndimayang'ana kuti ndidziwe ngati moni wagwira ntchito: chikwama chatsika, msana wakhudza mpando, ndipo yankho loyamba lapitirira chiganizo chimodzi. Zikapanda kuoneka, funso langa loyamba limakhala losavuta ndiponso la ntchito, monga "tiuzeni mmene tsiku lanu limayendera pa ntchito imene munagwira komaliza," osati lija lakuti "tiuzeni za inu," limene lilibe poyambira.

Moni umenewu uli ndi malire ake. Ukapitirira mphindi ziwiri umasanduka ulaliki, ndipo munthu amayambanso kuda nkhawa podikira. Musanene kuti "musaope" kapena "mukuoneka kuti muli ndi mantha," chifukwa mukungomuuza kuti mantha ake akuoneka. Musanene mawu omveka ngati lonjezo, monga "musadandaule, zitheka," chifukwa iye akawatenga n'kukauza a kunyumba, kenako foni yokana idzapweteka kawiri. Ndipo ngati afunsa chinthu chimene simungayankhe, monga malipiro amene sanatsimikizidwe, nenani amene ayankhe ndi nthawi yake.

Ena mundifunsa za Chichewa, ngati n'kulakwa kupereka moni wa kwathu kwa munthu wa kwathu. Ine ndimati "takulandirani" kapena "muli bwanji" kamodzi ndi bwino, monga momwe ndimanenera moni wa Chizulu kwa wolankhula Chizulu. Koma kucheza m'Chichewa kwa mphindi zitatu pamene mnzako wa patebulo sakumva kanthu kumavulaza munthu yemweyo amene ukufuna kumuthandiza, chifukwa akalembedwa anthu adzati analowa chifukwa cha chibale. Mayi wa ku Cosmo City uja ndinamupatsa moni wofanana ndi umene ndinapatsa anthu ena asanu tsiku lomwelo, mawu omwewo, madzi omwewo, bata lomwelo. Za kwawo ndinadzamva patapita milungu iwiri ali kale pa ntchito, tikudya nkhomaliro, atayamba yekha kundiuza kuti mayi ake amalima mtedza ku Mchinji.