Katumba akakokana m'bwalo, tisamangothamangira madzi ndi mchere

Loweruka ndinali ku mpira wa m'dera lathu. Kutatsala mphindi khumi, mnyamata wosewera kumbali, amene anathamanga kuposa onse, anagwa yekha osamukhudza munthu, atagwira katumba wa mwendo wakumanja. Anthu anayamba kukuwa kuti madzi amuthera m'thupi, mupatseni mchere! Mnzake anangomugoneka chagada, n'kuwongola mwendowo, n'kukankhira zala za phazi chakubondo. Mphindi isanathe mnofu unamasuka, botolo la madzi lisanafike n'komwe.

Ine maganizo anga ndi akuti kukokana kumene timaona pa mpira ndi pothamanga, nthawi zambiri gwero lake ndi kutopa kwa mitsempha yolamula minofu. Madzi ndi mchere si zimene zimayambitsa kawirikawiri.

Taganizirani izi. Thukuta likamatuluka, mchere umachepa m'thupi lonse. Nanga bwanji wokokana ndi katumba yekha, kapena kuseri kwa ntchafu, pomwe mikono ili phee? Ndipo kuwongola mwendo sikubwezera m'thupi ngakhale dontho limodzi la madzi, koma n'kumene kumachiza pomwepo.

Amene anafotokoza bwino zimenezi ndi Martin Schwellnus, dokotala wa zamasewera wa ku South Africa, mu 1997. Mu mnofu muli tizingwe tomva kukokeka, timene timauza mtsempha waukulu wa mumsana kuti mnofu ukungike. Mu mtsempha wolimba wolumikiza mnofu ku fupa muli tina, totchedwa Golgi, timene timati basi, masula. Mnofu ukatopa, toyamba tija timachita phokoso kwambiri pamene ta Golgi timafooka, ndiye uthenga woti kungika umangobwera osalekeza. Zimanyanya mnofu ukamagwira ntchito uli wofupika kale, monga katumba munthu akamathamangira kuzala, chifukwa apo ta Golgi sitikokeka mokwanira. Mukakankha phazi lija mumakoka mtsempha wa kuchidendene, ta Golgi timadzuka, mnofu n'kumasuka.

Schwellnus ndi anzake anayezanso magazi a othamanga mpikisano wa Two Oceans ku Cape Town, wa makilomita 56. Amene anakokana ndi amene sanakokane sanasiyane kwenikweni pa kuchepa kwa madzi, ndipo mchere wa m'magazi mwawo sunasiyane mwakuti n'kufotokoza vutolo. Kenaka mu 2010, wofufuza wina wa ku America, Kevin Miller, anamwetsa anthu okokana timadzi ta viniga tosungiramo nkhaka. Kukokana kunkatha pafupifupi pa masekondi 85, nthawi yochepa kwambiri kuti mchere uchoke m'mimba n'kufika ku mwendo. Zikuoneka kuti kuwawasa kwake pakhosi n'kumene kumatumiza uthenga ku mitsempha.

Koma a mchere sindikuwataya ayi, ali ndi mfundo. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, anthu ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku England ndi omanga damu la Hoover ku America ankakokana koopsa atatuluka thukuta tsiku lonse n'kumamwa madzi okhaokha, ndipo mchere unkawathandiza. Lita imodzi ya thukuta imatha kutenga pafupifupi galamu imodzi ya sodiyamu wa mu mchere, ena kuposa apo. Munthu wosewera masana a Okutobala ku Chikwawa, jezi yake n'kuuma ndi mizere yoyera, minofu ikunjenjemera malo angapo nthawi imodzi, ameneyo ndingamupatse Thanzi ORS mosazengereza. Chimene ndimaopa n'kumukakamiza madzi okhaokha mabotolo ambirimbiri, chifukwa amasungunula mchere wotsala m'magazi, ndipo zikafika poipa munthu amasokonezeka mutu, ngakhale kukomoka. Wokokana amene akusanza, akuyankhula zosamveka kapena akukodza mkodzo wakuda ngati tiyi, ameneyo ndi wa kuchipatala, osati wongomuwongola mwendo.

Mnyamata wathu uja ndinacheza naye masewera atatha. Kunja kunali kozizira, anali atamwa madzi pa hafu, ndipo wokokana anali mwendo umodzi wokha, womwe amanyamukira pothamanga. Anandiuza kuti anakhala milungu itatu osapita kokonzekera chifukwa cha ganyu, kenaka n'kusewera mphindi zonse ngati sanaphonyepo. Pamenepo mchere ukulowa pati?

Chimene chimandipweteka n'chakuti makochi athu akakhulupirira kuti vuto ndi madzi, amagula madzi n'kuona ngati athana nazo, sabata yamawa mwana yemweyo n'kugwanso pa mphindi zomwezo. Ndinauza kochi wake kuti amubwezere pang'onopang'ono, azilimbitsa akatumba poimirira kuzala n'kutsika, ndipo masewera akubwerawa amutulutse ikakwana ola, mpaka miyendo izolowerenso.