Musanadine Reply All, werengani mayina kaye

Sabata yatha kuntchito kwathu kunatumizidwa imelo kwa anthu 140, yopempha kuti tisonkhe chipepeso poti mnzathu wataya mayi ake. Mlembi analemba bwinobwino kuti aliyense amuuze iyeyo ndalama zomwe apereke. Bambo wina anayankha kuti mwezi uno ali pa ngongole ya katapila, ndiye mlembi amulembere K2,000 yokha, adzapereka malipiro akatuluka. Tsoka ilo anadina Reply All. Tonse tinawerenga, abwana omwe, ndipo nthawi ya nkhomaliro munthuyo sanaoneke kukantini.

Reply imapita kwa amene watumiza uthengawo basi. Reply All imapita kwa iyeyo ndi onse amene ali pa To ndi pa Cc. Vuto n'lakuti pafoni mayinawo amabisika, ndipo nthawi zina dzina limodzi lokha ngati "All Staff" limakhala lanyamula ofesi yonse. Ukaliona umangoti ndi munthu mmodzi.

Anthu 30 anatsatira ndi "pepani" kapena "ndalandira". Anthu 30 kuchulukitsa ndi 140, ndi maimelo pafupifupi 4,200 m'mawa umodzi. Koma amene amanditopetsa kwambiri ine ndi aja olemba kuti "chonde lekani kuyankha tonse", iwonso akuyankha tonse. Zoterezi zinachitikapo ku NHS, bungwe la boma la zaumoyo ku England, mu Novembala 2016: uthenga woyeserera unapita molakwika kwa anthu pafupifupi 840,000, ndipo odandaula podina Reply All anachititsa kuti maimelo azichedwa tsiku limenelo.

Sindikunena kuti batanili n'loipa ayi. Mu imelo yomweyo munalembedwa kuti mwambo wa maliro uli Lachinayi pomwe unali Lachitatu. Amene anaona cholakwikacho anauza mlembi yekha, mlembiyo ali pamsewu, ndipo ena anakonzekera tsiku lolakwika. Apo ndiye panafunika Reply All. Ine ndimadzifunsa kuti, kodi amene sawerenga yankho langali achita chinthu molakwika? Ngati inde, tonse timve. Ngati ndi ndalama zanga, matenda anga kapena zikomo chabe, apite kwa mwini uthenga.

Nawonso otumiza ali ndi mlandu. Chilengezo cha anthu ambiri chiikeni pa Bcc, pomwe mayina a olandira saoneka kwa ena, chifukwa yankho silifika kwa amene ali pamenepo. Koma inu amene mwaikidwa pa Bcc mwakachetechete chenjerani, mukadina Reply All a pa To ndi Cc adziwa kuti mumamvetsera.

Bambo uja akanapulumuka mwina. Mu Gmail, Undo Send, nthawi imene mungabweze imelo mutangoitumiza, mukhoza kuiika pa masekondi 30 m'malo mwa 5. Ine ndinasintha yanga madzulo omwewo, kenako ndinadina Mute kuti mayankho a imelo ija asamandisokonezenso, chipepeso changa n'kukapereka pamanja.