Agogo ndi nkhuku zawo

Kumudzi, dzuwa litangotuluka. Agogo atulukira kuseri kwa nkhokwe, ndipo nkhuku zonse zapabwalo zaliyatsa liwiro la mtondo wadooka kulunjika kwa iwo. Mdzukulu wawo wa Sitandade 5 wakhala pakhonde, akudya mbatata yadzulo.

MDZUKULU: Agogo, ndifunse?

AGOGO: Wasukusula?

MDZUKULU: Ndisukusula. Koma bwanji inu mukangolowa pabwalo nkhuku zonse zimakuthamangirani? Ine ndikatuluka zimabalalika.

AGOGO: Kukongola, mwamuna wanga. Ukuganiza kuti malemu agogo ako aamuna ankathamangira chiyani?

MDZUKULU: Anzanga akuti muli ndi mankhwala.

AGOGO: Iwe! Mawu amenewo usadzawanenenso, makamaka kumjigo. Ukufuna kundisonkhanitsira mudzi? Bwera kuno uwaone mankhwalawo.

(Agogo amasula mfundo yapansonga ya chitenje.)

MDZUKULU: Aa, misere basi?

AGOGO: Misere basi. Ena ali m'licheromo, dzina lake gaga. Ndikakonola chimanga, mphale imapita kuchigayo, gaga ndimayanika kuti asachite nkhungu, n'kumusunga m'thumba. M'mawa uliwonse ndimatapa manja awiri, ndimawaza timadzi pang'ono kuti asauluke ndi mphepo, n'kuzipatsa pansi pa mango apa. Madzulo dzanja limodzi, pakhomo pa khola. Chiyambire zili anapiye sindinaphonye tsiku.

MDZUKULU: Manja awiri nkhuku zonsezi? Ndinu oumira, Agogo.

AGOGO: Nkhuku yachikuda imadzidyetsa yokha. Imapalasa, imatola chiswe, ziwala, timbewu, timasamba. Ukaikhutitsa m'mawa imangokhala pakhonde ngati iweyo, n'kumatiipitsira mphasa.

MDZUKULU: Ndiye kuti sizikukondani. Zikukonda gaga.

AGOGO: Nanga anthu aja amathamangira galimoto ya kampeni, amakhala akonda dalaivala?

MDZUKULU: Chabwino. Ndibwerekeni chitenje ndi mpango, muone.

(Mnyamata amanga chitenje mpaka m'khwapa, mpango kumutu, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Atulukira atawerama, akutsokomola mwaukalamba. Nkhuku zithamanga, koma zifika pakati n'kuima. Tambala apendeka mutu, amuyang'ana ndi diso limodzi, atembenuka n'kumuyang'ananso ndi linalo. Kenako zonse balala!)

MDZUKULU: Zadziwa bwanji?

AGOGO: Chitenje chinazinamiza zili patali. Zitafika pafupi zaona nkhope. Nkhuku imadziwa anthu apakhomo pake mmodzimmodzi, usamaione kuchepa mutu. Komanso unaonapo ine ndikuyenda modumphadumpha choncho? Nkhuku imaopa chinthu chobwera mwaliwiro, ndi chinthu chotambasula manja pamwamba pake. Kwa iyo ameneyo ndi mphamba. Iwe wabwera utatambasula chitenje ngati ukufuna kuuluka.

MDZUKULU: Ndimafuna ndioneke wonenepa ngati inu.

AGOGO: Bweretsa chitenje changa.

MDZUKULU: Pepani, Agogo.

AGOGO: Tsono khala pomwepo, usagwedezeke. Ndikuonetsa china.

(Agogo alowa m'khitchini n'kutseka chitseko. Mkatimo ayamba kugogoda lichero ngati akupeta: pha, pha, pha. Nkhuku zonse zija zithamangira pakhomo pa khitchini n'kumasuzumira pansi pa chitseko.)

AGOGO: (ali mkati) Zandiona?

MDZUKULU: Ayi!

AGOGO: Makutu amenewo. Zinaphunzira kuti lichero likalira, pansi pagwa kanthu. Mtondo ukalira, chimodzimodzi. Ngakhale nthawi zimaidziwa. Tsiku lija ndinagona kumaliro, amayi ako akuti dzuwa litangopendeka zonse zinali zitaima pakhomo pa khola, kudikira munthu woti palibe.

MDZUKULU: Ndiye ine nditha kumangogogoda lichero lopanda kanthu, zizibwera.

AGOGO: Lero zibwera. Mawa zibwera zochepa. Ukapitiriza bodzalo zidzangokuyang'ana n'kupitiriza kupalasa. Pamenepo ndiye zimaposa anthu a kampeni aja.

(Agogo atuluka n'kuwaza gaga. Tambala afika patsogolo, atola kambewu, akagwetsa, atolanso, uku akulira kuti tuku-tuku-tuku. Misoti ithamangira kwa iye.)

MDZUKULU: Bwanji sakumeza?

AGOGO: Akuitana akazi ake. Akuwauza kuti "taonani zomwe ndakupezerani."

MDZUKULU: Koma mwawaza ndinu!

AGOGO: Ndalima ndine, ndakonola ndine, ndawaza ndine. Kutamandidwa iye. Ukadzakula udzamvetsa, ndipo udzachita zomwezo.

MDZUKULU: Agogo, milomo yanu ikugwedezeka. Mukupemphera?

AGOGO: Ndikuwerenga, usandisokoneze. Khumi ndi ziwiri, khumi ndi zitatu... Ukuona ngati gaga ameneyu ndimataya chifukwa cha chifundo? Nkhuku zikamwazikana kumunda ndi kudzala sungaziwerenge. Ukaziitana pamodzi m'mawa ndi madzulo umadziwa ngati usiku kunabwera vumbwe, ngati masana mphamba watola mwanapiye, kapena ngati kwa aneba kwanunkhira ndiwo zosadziwika kochokera.

MDZUKULU: Ndiye zakwana?

AGOGO: Zikhale 14. Yatsala imodzi, thadzi lofiira lija.

MDZUKULU: Abatu! Ndikudziwa amene waba!

AGOGO: Khala pansi, wapolisi. Lili m'dengu kuseri kwa chitseko, likufungatira. Nkhuku yofungatira sithamangira gaga ndi zinzake. Imatuluka kamodzi patsiku, kudya mwachangu, kumwa madzi, kusamba fumbi, n'kubwerera mazira asanazizire. Ndinaliikira mazira 10, ndipo lililonse ndinalilemba ndi khala.

MDZUKULU: Mazira amalembedwanso mayina?

AGOGO: Misoti ina ndi yaulesi, imakaikira m'dengu la mnzake. Dzira lobwera mochedwa silingaswe limodzi ndi anzake, chifukwa lililonse limafuna masiku 21 akeake. Anapiye oyamba akaswa, make amanyamuka nawo, lochedwalo n'kutsala kuwola. Ndiye ndikapeza dzira lopanda khala, ndimachotsa.

MDZUKULU: Limapita kuti?

AGOGO: Funso limenelo silinali pa mayeso.

MDZUKULU: Nanga ikapanda kubwera koma isakufungatira?

AGOGO: Apo ndiye mtima umagunda. Nkhuku yamoyo siingamve lichero n'kukhala chete. Ukaona ina yaima payokha pamthunzi, nthenga zanyankhalala, mapiko agwa ngati yavala jekete, ikuodzera masana, pita ukaone zitosi zake. Zikakhala zamadzimadzi zobiriwira, mwinanso ikupuma mobanika kapena khosi lapindika, chimenecho ndi chitopa. Chimakonda nyengo yotentha ija, mvula isanagwe, ndipo chikalowa m'mudzi chimasesa makola.

MDZUKULU: Mumaipatsa mankhwala anji?

AGOGO: Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Yodwalayo umaipatula msangamsanga, ikafa umaikwirira mozama, osaponya kudzala kuti agalu aikokere kwa aneba. Chothandiza ndi katemera, zisanadwale. Suja amabwera bambo wa njinga uja ndi kabotolo?

MDZUKULU: Amene amazithira mankhwala m'maso? Ine ndimayesa ndi dokotala wa maso.

AGOGO: Dokotala wa maso wa nkhuku! Ameneyo ndi katemera wa chitopa, amati I-2. Dontho limodzi m'diso limodzi, nkhuku iliyonse, ngakhale mwanapiye, pakatha miyezi inayi iliyonse. Ndipo tsiku limenelo sindizitsekulira m'mawa. Timazigwirira m'khola momwemo imodziimodzi. N'chifukwa chake gaga wamadzulo ndimaperekera pakhomo pa khola, kuti zizolowere kugona m'nyumba mwawo. Za anthu ena zimagona mumtengo, wakatemera akabwera mwini wake amangoloza m'mwamba.

MDZUKULU: Chabwino, zonsezo ndamva. Koma ineyo ndinazilakwira chiyani?

AGOGO: Pa Khirisimasi anathamangitsa tambala wakuda ndani?

MDZUKULU: Ine.

AGOGO: Atabwera amalume ako a ku Lilongwe, anazungulira nkhokwe kanayi ndi chibonga ndani?

MDZUKULU: Ine. Koma...

AGOGO: Atabwera a komiti ya tchalitchi?

MDZUKULU: Ine! Koma munandituma ndinu!

AGOGO: Nkhuku zinamva?

MDZUKULU: Munaloza ndi chala! Munati "iyo yonenepayo!"

AGOGO: Sindinalozepo ndi chala ine. Ndimaloza ndi mlomo, ndili m'khitchini, chitseko chili chotseka theka.

MDZUKULU: Ndiye inu mumazinenepetsa, mumasankha yoti ife, mumadya chiwindi, koma woipa ndine?

AGOGO: Iwe zimakuona ukuthamangitsa. Ine zimandiona ndikuwaza. Iliyonse imakumbukira zimene inaona ndi maso ake.

MDZUKULU: Si chilungamo chimenecho, Agogo. Ndikufuna nanenso zizindithamangira.

AGOGO: N'zotheka. Tenga gagayu. Nyonyomala, usaime. Usaziyang'anitsitse, usatambasule manja. Waza patali kaye, kenako pafupi. Mawa nthawi yomweyino, malo omwewano, mpaka zitaiwala machimo ako. Ndipo legeni ija uisiye m'nyumba.

(Mnyamata anyonyomala, awaza. Papita nthawi. Anapiye ayamba kuyandikira, kenako make. Pomaliza msoti woyera, wonenepa bwino, ufika n'kujompha gaga m'dzanja lake lenilenilo.)

MDZUKULU: (monong'ona) Agogo! Agogo, taonani! Wandikhululukira! Uyu ndi mnzanga tsopano. Ndimutcha dzina.

AGOGO: Usafulumire kutcha dzina.

(Kumsewu kumveka belu la njinga.)

MAWU: Odi kuno! Odi, amayi!

AGOGO: Eee, lowani, abusa! Mwatipeza, mwatipeza! Iwe, kayale mphasa.

(Agogo asuzumira kwa mdzukulu, atukula mlomo n'kuloza msoti woyera uja.)

MDZUKULU: Ayi, Agogo. Ayi. Ameneyu ayi.

AGOGO: Ali kale m'manja mwako. Lero suthamanga n'komwe.

MDZUKULU: Bwanji osadikira usiku? Munati mumdima nkhuku siziona, munthu amangotola.

AGOGO: Abusa adikire mpaka usiku? Ali ndi nkhosa zina zokayendera.

MDZUKULU: Ndiye gwirani nokha! Inu zimabwera zokha mpaka kumapazi!

AGOGO: Ine? Pamaso pa zinzake zonsezi? Zaka zonsezi ndamanga mbiri yabwino pabwalo pano, ndiiwonongere tsiku limodzi?

MDZUKULU: Nanga mbiri yanga?

AGOGO: Yako yangoyamba lero, siinakule. Gwira msanga, zipalapasiro ndi mutu ndi zako.

MDZUKULU: Muwonjezere nthutumba.

AGOGO: Nthutumba ndi ya abusa.

MDZUKULU: Ndiye abusawo agwire okha.

ABUSA: (ali pamphasa) Mwanayu akuti chiyani, amayi?

AGOGO: Akuti mwatidalitsa, abusa. Dikirani pang'ono, ndilowe kaye m'khitchini nditseke chitseko.